Momwe mungadziwire ngati wilo yanu yakale idafa chifukwa cha ukwati watsopano kapena wilo ina

Nkhani iyi ndikulembera makamaka abale athu amene mukukhala ku England ndi ku Wales, ndiponso inu a kuno kumudzi amene muli ndi m'bale kumeneko. Ambiri amalemba wilo kamodzi, nkuyiika mu envulopu pansi pa sutikesi, mtima nkukhala m'malo. Koma lamulo la kumeneko, Wills Act la 1837, limanena pa ndime 18 kuti munthu akakwatira kapena kukwatiwa, wilo imene adalemba ukwatiwo usanachitike imafa tsiku lomwelo. Palibe kalata imene imabwera kudzakuuzani. Pepala limaonekabe bwinobwino, siginecha yanu ili pomwepo, koma mphamvu mulibe.

Tiyerekeze bambo wina wa ku Ntcheu amene amagwira ntchito ya unamwino ku Leeds. Akazi ake oyamba adamwalira, ndipo mu 2015 adalemba wilo yopereka nyumba kwa ana awo awiri ndi mapaundi 10,000 kwa mayi awo okalamba kumudzi. Mu 2022 adakwatiranso, ukwati wolembetsa ku boma, ndipo za wilo sadaziganizirenso. Akamwalira, lamulo liwatenga ngati munthu amene sadasiye wilo, ndipo chuma chigawidwa motsata malamulo a boma. Ngati pali ana, mkazi amatenga katundu wa m'nyumba, mapaundi 322,000 oyambirira, ndi theka la zotsala. Ana amagawana theka linalo. Tinene kuti nyumba ya bambowa, yolembedwa m'dzina lawo okha, ndi ya mapaundi 250,000 ngongole itachotsedwa, ndipo ku banki kuli 30,000. Zonse pamodzi ndi 280,000, zomwe sizikufika pa 322,000. Ndiye kuti zonse zipita kwa mkazi wachiwiri. Ana sapeza kanthu, agogo ku Ntcheu sapeza kanthu. Chuma chikadakhala 400,000, zotsala zikadakhala 78,000, mkazi nkutengapo 39,000, mwana aliyense nkulandira 19,500 yokha.

Mayiyo sanabe chilichonse, ndipo mwina sankadziwa nkomwe za wiloyo. Ana angathe kukadandaula ku khoti pansi pa lamulo la 1975 lokhudza achibale amene sanapatsidwe gawo loyenera, koma nthawi yake ndi miyezi 6 kuchokera pamene khoti lapereka chilolezo chogawa chuma, milandu yake imadya ndalama, ndipo mwana wamkulu amene akudziimira payekha sikawirikawiri kupeza zambiri. Zimandiwawa chifukwa zonsezi zikadapewedwa ndi tsiku limodzi lokha kwa loya. Nazi zoyenera kuchita.

Choyamba: ikani masiku awiri pambali ndi pambali

Tulutsani wilo yanu ndi setifiketi ya ukwati. Onani tsiku limene mudasaina wilo, onaninso tsiku la ukwati. Ngati ukwati udabwera pambuyo, yambani ndi ganizo lakuti wiloyo idafa. Izi zimakhudzanso amene adalembetsa ku boma mgwirizano wa anthu awiri wofanana ndi ukwati.

Apa ife Amalawi timasokonezeka, chifukwa kwathu mawu oti ukwati amatanthauza zinthu zingapo. Ngati mudangochita chinkhoswe mu holo ku Manchester, ankhoswe nkusinthana nkhuku, koma simudalembetse, lamulo la England silikuonani ngati okwatirana. Wilo yanu yakale ili moyo, ndipo mnzanuyo, ngakhale mwakhala naye zaka 15, sapeza kanthu pokhapokha mudamulemba m'wilomo kapena apite kukhoti. Koma ngati mudakwera ndege nkukamangitsa ukwati kwathu motsata malamulo a Malawi, England nthawi zambiri imauvomereza ukwatiwo. Pamenepo funso limakhala lakuti pa tsiku la ukwatilo kwanu kokhazikika mwalamulo kudali kuti. Ngati mudali mutakhazikika ku England ndi mtima wokhalitsa, ndime 18 ija imakugwirani ngakhale mwambo udachitikira ku Lilongwe. Funso la kokhazikikali ndi lovuta, musaligamule nokha.

Musatengerenso zimene mnzanu wa ku Glasgow kapena ku Joni wakuuzani. Ku Scotland ukwati supha wilo, ndipo ku South Africa nakonso suyipha. Bungwe lounika malamulo ku England ndi Wales lidapereka maganizo mu 2025 oti lamuloli lichotsedwe, makamaka poteteza okalamba amene amakwatidwa ndi anthu ofuna chuma. Maganizo si lamulo, choncho funsani loya wanu momwe zinthu zilili tsiku limene mukusaina.

Chachiwiri: werengani ngati wiloyo idatchula za ukwati

Pali khomo limodzi lopulumukira. Wilo siifa ngati mawu a m'wilomo akuonetsa kuti mudailemba mukuyembekezera kukwatirana ndi munthu wodziwika, ndiponso kuti mumafuna ipitirire kugwira ntchito ukwatiwo ukachitika. Zinthu ziwirizo ziyenera kuoneka papepalapo. Kulemba kuti "ndikadzakwatira" osatchula munthu sikuthandiza. Kuuza mlongo wanu pafoni sikuthandiza. Ndipo ngati mudatchula chibwenzi china koma nkudzakwatira wina, wiloyo imafabe.

Choncho ngati ukwati wanu uli m'tsogolo, muuzeni loya dzina lonse la amene mukukwatirana naye kuti aike chiganizo chimenechi. Mukatero mumakhala otetezeka ngakhale ngozi itachitika pa ulendo wobwerera kuchokera ku madyerero.

Kutha kwa banja kumayenda mosiyana. Khoti likapereka chigamulo chomaliza chothetsa ukwati, wilo siifa. Lamulo limangomutenga mkazi kapena mwamuna wakaleyo ngati adamwalira tsiku la chigamulocho, ndiye gawo lake limagwa, ndipo sangakhalenso woyendetsa chuma chamasiye. Koma kupatukana chabe, ngakhale kwa zaka 10, sikusintha kanthu pa wilo.

Chachitatu: sonkhanitsani mawilo onse amene mudalembapo

Njira yachiwiri imene wilo imafera ndi wilo ina yobwera pambuyo. Mawilo ambiri olembedwa ndi maloya amayamba ndi chiganizo chonena kuti wolembayo akufafaniza mawilo onse am'mbuyo. Chikakhalapo, nkhani yatha. Chikapanda kukhalapo, mawilo awiriwo amawerengedwa limodzi, ndipo yatsopano imagonjetsa yakale pokhapokha pamene zikutsutsana. Ngati ya 2015 idapereka nyumba kwa mwana wamkazi ndi galimoto kwa mphwanu, ndipo ya 2020 yangopereka nyumbayo kwa mwana wamwamuna, galimoto ipitabe kwa mphwanu, kaya mumafunabe zimenezo kapena ayi.

Koma wilo yatsopano imapha yakale pokhapokha iyoyo itasainidwa moyenera: ikhale yolembedwa, muisaine pamaso pa mboni ziwiri zimene zilipo nthawi imodzi, kenako mboni iliyonse isaine inu mukuona. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Munthu amasaina yekha usiku, m'mawa nkupita nayo kwa mnzake wa ku ntchito, Lamulungu nkupita nayo kwa mkulu wa mpingo. Mboni ziwiri zilipodi, koma sizidakhalepo pamodzi, ndiye wiloyo ndi yopanda ntchito, ndipo yakale ija, imene mumaganiza kuti mudaichotsa, ndiyo idzagwiritsidwe ntchito. Komanso musatenge munthu amene akulandira kanthu m'wilomo, kapena mkazi kapena mwamuna wake, kukhala mboni. Wilo imakhalabe yamoyo, koma iye amataya gawo lake.

Kwa ife amene tili ndi katundu m'maiko awiri, chiganizo chofafaniza chija chili ndi msampha. Mwina mudalemba wilo ku Blantyre yokhudza nyumba ya ku Chirimba, kenako loya wa ku England nkukulemberani ina yoyamba ndi mawu ofafaniza mawilo onse. Mawu amenewo angathe kupha ya ku Blantyre ija inu osadziwa. Muuzeni loya aliyense za wilo inayo, ndipo iliyonse inene momveka kuti ikukhudza katundu wa dziko liti ndi kuti sikufafaniza inzake. Nyumba ndi malo zimatsata malamulo a dziko limene zili, kotero za ku Malawi zimayendera Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act ya 2011, ndipo zikufunika loya wa kwathu.

Chachinayi: yakale muiwononge bwino, mukatha kusaina yatsopano

Lamulo limalolanso kupha wilo poitentha, kuing'amba kapena kuiwononga mwanjira ina, bola muchite nokha, kapena wina achite pamaso panu inu mutamutuma, ndipo cholinga chikhale kuifafaniza. Kuwononga ndi cholinga ziyenera kuyendera limodzi. Mu mlandu wa Cheese v Lovejoy wa 1877, bambo wina adadula mizere pa wilo yake, nkulemba kumbuyo kuti zonsezi zafafanizidwa, nkuiponya pa mulu wa mapepala otaya. Wantchito wa m'nyumba adaitola nkuisunga kukhitchini mpaka bamboyo adamwalira patapita zaka. Khoti lidati wiloyo ili moyo, chifukwa pepalalo silidawonongedwe. Chimodzimodzi, kuimbira foni m'bale wanu ku Zomba kuti ang'ambe wilo inu muli ku Leeds sikufafaniza kanthu, popeza sizidachitike pamaso panu.

Musakonzenso wilo ndi cholembera. Kudula dzina nkulemba lina pamwamba sikuwerengedwa pokhapokha inu ndi mboni ziwiri mutasaina pambali pake. Kusintha kwakung'ono kumachitika ndi kodisilo, kapepala kowonjezera kosainidwa mofanana ndi wilo, ngakhale ine ndimaona kuti kulemba yatsopano yonse kumachepetsa mikangano.

Dziwaninso kuti wilo yakufa siidzuka yokha. Ngati ya 2020 idapha ya 2015, kung'amba ya 2020 sikubwezeretsa ya 2015. Mumangotsala opanda wilo. Ngati ukwati udapha wilo yanu, kutha kwa ukwatiwo kapena imfa ya mnzanuyo sikuidzutsa. Muyenera kuisainanso pamaso pa mboni ziwiri, kapena kulemba kodisilo yonena kuti mukuitsitsimutsa.

Chachisanu: onani zimene wilo siifikira, kenako sungani pepala

Nyumba imene mudagula awiri m'njira yoti mmodzi akamwalira yonse ipite kwa wotsalayo siidutsa mu wilo. Ndalama za penshoni nazonso nthawi zambiri zimatsata fomu imene mudadzaza ku ntchito yotchula wodzalandira. Bambo wa ku Leeds uja akadalemba wilo yatsopano koma osayang'ana fomu imeneyi, dzina la malemu akazi ake likadakhala lili pomwepo.

Wilo yeniyeni, osati fotokope, isungidwe kwa loya kapena pamalo otetezeka, ndipo amene mwamusankha kudzayendetsa chuma adziwe komwe ili. Ngati zikudziwika kuti wilo idali m'manja mwanu koma mutamwalira siikupezeka, khoti limayamba ndi ganizo lakuti mudaiwononga nokha mwadala, ndipo abale anu ndi amene adzavutike kupeza umboni wotsutsa zimenezo.