Uthenga wa tsiku lotseka maoda

Ndimasoka madiresi. Ndinalemba koyamba pa broadcast ya WhatsApp, uthenga umodzi wopita kwa makasitomala onse nthawi imodzi, kuti "maoda a Khrisimasi akutseka posachedwa, fulumirani." Palibe anabwera. Ambiri anangofunsa kuti posachedwapo ndi liti, ndipo ena sanaulandire n'komwe, chifukwa WhatsApp imafikitsa uthenga wotere kwa okhawo amene anasunga nambala yanga m'foni mwawo. Amene sanaulandirewo ndinawalembera mmodzimmodzi.

Kenako ndinawerengera ntchito: ndimasoka madiresi awiri patsiku, ndipo ndimafuna masiku atatu oyesa ndi kukonza. Ndinalembanso motere: "Makasitomala anga, tsiku lomaliza kulandira nsalu ndi 10 Disembala. Malo atsala khumi. Bwerani ndi nsalu ndi theka la ndalama, ndikuyezeni tsiku lomwelo." Ndinaikapo chithunzi chimodzi cha diresi lomaliza kusoka.

Mawu oti "theka la ndalama" ndiwo anandichotsera ongolonjeza pakamwa.