Thuza la kuchidendene: kulisiya kapena kuliboola?

Nsapato yatsopano, makamaka yachikopa cholimba kapena jombo yovala popanda sokosi, imakhula chidendene pa sitepe iliyonse. Khungu lapamwamba limatsetsereka n'kulekana ndi lapansi, ndipo m'kampata kameneko mumadzaza madzi. Thukuta limafulumizitsa zimenezi, chifukwa khungu lonyowa limafewa ndipo limamatirira ku nsapato.

Thuza silibwera modzidzimutsa. Pamalopo pamayamba kutentha ndi kufiira. Imani pomwepo, vulani nsapato, pukutani phazi liume, mumatepo pulasitala wamkulu kuposa pofiirapo, wosakwinyika. Ambiri amati "ndikaona ndikafika," ndipo pofika amapeza latupa kale.

Likatuluka, dziwani kuti kakhungu kapamwambako ndi chophimba choposa bandeji iliyonse. Thuza laling'ono, losakuletsani kuyenda, lisiyeni. Madziwo amauma okha ndipo nthawi zambiri limapola m'masiku 3 mpaka 7. Dulani kansalu kokhuthala, mukaboole pakati kuti thuza likhale m'bowomo, kenako mumange pamwamba. Nsapato idzakanikiza nsaluyo m'malo mwa thuza.

Loyenera kuboola ndi lalikulu, lolimba, lopweteka, lomwe lili poti liphulika lokha m'nsapato yafumbi. Tinene kuti muli ndi thuza lalikulu ngati chala chamanthu ndipo mawa muli ndi ulendo wapansi wa makilomita 10. Sambani m'manja ndi sopo, mutsukenso phazilo. Wiritsani singano yatsopano kwa mphindi 10 kapena ipukuteni ndi sipiliti. Boolani timabowo tiwiri kapena titatu m'mphepete, chakumunsi, kuti madzi azitsika okha, ndipo finyani pang'onopang'ono ndi nsalu yoyera. Kakhungu kaja musakachotse, kagone pomwepo. Pakani vaselini pang'ono, phimbani, ndipo sinthani chophimbacho tsiku lililonse kapena chikanyowa. Likadzazanso, libooleninso mwaukhondo womwewo.

Minga, lezala yogwiritsidwa kale ntchito ndi ulusi wosiya m'thuza zimangolowetsamo tizilombo. Phulusa ndi mankhwala otsukira mano nazonso si za pachilonda.

Thuza lamagazi musaliboole. Odwala matenda a shuga, komanso aliyense amene mapazi ake amachita dzanzi, asaboole thuza lililonse. Apite kuchipatala ngakhale lisakupweteka, pakuti kwa iwo kachilonda ka kuphazi kamachedwa kupola ndipo kamatha kukula osakamva. Kwa ena onse, mafinya, kufiira komwe kukufalikira, ululu wowonjezereka, mwanabere m'mphechepeche kapena kutentha thupi zikutanthauza kuti chilonda chalowa tizilombo, ndipo muyenera kuonana ndi adokotala tsiku lomwelo.

Nsapato yomwe yakuvulazaniyo ipumitseni mpaka popola. Mukayambiranso, muziivala ola limodzi kapena awiri patsiku ndi sokosi zouma, n'kumawonjezera pang'onopang'ono mpaka chikopa chitafewa.