Za DOI ndi ISBN: lekani kumata nambala iliyonse yomwe mwaiona

Nyengo ino ya malipoti yandionetsa chinthu chimodzi mobwerezabwereza mpaka ndatopa nacho. Ana athu omwe anali pa atachimenti kuno ku Mangochi, ena za ulimi ena za usodzi, akumabweretsa malipoti awo kuti tiwaonereko asanakapereke kusukulu, ntchito ya kumunda yabwinobwino, koma ukafika kumapeto pa marefarensi mpomwe pali chisokonezo. Pa nkhani ya mu jenolo DOI palibe, m'malo mwake amata linki yaitali mizere itatu yomwe akopa pa foni, kenaka pa buku lililonse akhomerapo ISBN ngati kuti ndiye chofunikacho. Ena mpaka atenga nambala ya manambala 8 ija ya pachikuto cha jenolo nkuilemba kuti DOI. Ayi ndithu, zimenezi ndi zinthu zosiyana.

DOI imaloza chinthu chimodzi chenicheni, nkhani imodzi ya mu jenolo, chaputala chimodzi, nthawi zina buku kapena deta. Imayamba ndi 10 ndi kadontho nthawi zonse, kenaka manambala a amene anailembetsa, kenaka kamzere kopendekera, kenaka gawo lomwe osindikizawo asankha okha. Onani iyi:

```
https://doi.org/10.1038/171737a0
```

10.1038 ndi ya osindikiza jenolo ya Nature, ndipo 171737a0 ndi nkhani ya Watson ndi Crick ija ya DNA ya mu 1953, voliyumu 171 tsamba 737. Taonani, inatuluka papepala kulibe intaneti koma inadzapatsidwa DOI pambuyo pake, ndiye zoti "ine ndinawerenga ya papepala" sichifukwa chosiyira DOI. Ubwino wake ndi woti osindikiza akasamutsa nkhaniyo pa webusayiti pawo, iwo amakakonza komwe DOI ikuloza, nambalayo siisintha. Linki yanu ya pa foni ija ndiye imafa, kapena imafuna pasiwedi ya laibulale ya sukulu yanu, kapena ndi linki ya zotsatira za Google basi yomwe kwa munthu wina imatsegula zina.

Ndipo mtengo wake si wochepa. Supavayiza akadina linki osatseguka sakhala pansi kukusakirani nkhaniyo, amangolemba mzere wofiira nkubweza. Mwana wapulinta kale, wabayindisa kale, mwina wachokera ku Makanjira kapena ku Monkey Bay pa ndalama yobwereka, ndiye abwerere akagulenso bandulo asakenso nkhani zomwe anaziwerenga miyezi yapitayo, zina analandira pa WhatsApp ngati PDF yopanda dzina lomwe. Choipa kwambiri nchoti refarensi yosapezeka imakayikitsa, munthu amayamba kuganiza kuti mwina nkhaniyo kulibe mwangoipeka, pomwe inu munawerengadi. Zonsezi chifukwa cha kamzere kamodzi komwe kanali patsamba loyamba la PDF yomweyo.

Chomwe chimandinyansa ndi yankho loti "amzathu a chaka chatha analemba chonchi". Kukopera kalembedwe ka lipoti lakale osafunsa nkomwe kuti nambalayo ikuimira chani. Nambala ya manambala 8 ija ndi ISSN, imaimira jenolo yonse kuyambira pomwe inayamba kutuluka, nkhani zikwizikwi zonse nambala yake ndi yomweyo. Ndiye mukandipatsa ISSN mwandiuza chani ine?

Bambo wina wa ku Namwera anandidandaulira chaka china kuti chimanga chake sichinakhwime mvula itadula msanga. Nditafunsitsa ndinapeza kuti anatuma mwana kwa ogulitsa mbewu nkungomuuza dzina la kampani, osatchula nambala ya mtundu wa mbewuyo. Mwana anabwera ndi paketi ya kampani yomweyo inde, koma yochedwa kucha. Bamboyo nkumati "koma alangizi, kampani ndi yomwe ija munanena". Ndinawauza kuti bambo, kampani imodzi ili ndi mbewu zambiri, chomwe chimasiyanitsa ndi nambala ija. Anapukusa mutu, chaka chinali chitapita kale. Kupatsa munthu ISSN pomwe pakufunika DOI nkumutuma chimodzimodzi.

Tsono ISBN. Iyi ndi ya mabuku, ndipo siimira mawu a m'bukumo ayi, imaimira edishoni inayake mu mtundu winawake. Buku lomwelo la chikuto cholimba lili ndi ISBN yake, la chikuto chofewa yake, la pa kompyuta yakenso, edishoni yachiwiri ikatuluka imatenga yatsopano, koma akangosindikizanso osasintha kanthu imakhala yomweyo. Kuyambira pa 1 Januwale 2007 imakhala ya manambala 13 oyamba ndi 978 kapena 979, mabuku akale ali ndi ya manambala 10. Mukaona 99908 kapena 99960 pambuyo pa 978 dziwani kuti osindikizawo ndi a kuno ku Malawi. Ntchito yake yeniyeni ndi ya ogulitsa mabuku ndi a laibulale, kuti pooda asalandire edishoni yolakwika.

Ndiye mu kalembedwe ka marefarensi ka APA edishoni ya 7, yomwe ambiri mwa inu mumauzidwa kutsatira, ISBN siilowa mu refarensi, ISSN siilowanso. Edishoni mumaionetsa polemba (2nd ed.) pambuyo pa mutu wa buku basi. DOI ndiyo imalowa paliponse pomwe ilipo, kaya munawerenga papepala kaya pa foni, ndipo ngati pali DOI ndi linki zonse ziwiri mumalemba DOI yokha. Buku la papepala lopanda DOI mumathera pa dzina la osindikiza, palibe chosowa pamenepo, musadzazepo ISBN poopa kuti pakuoneka poperewera.

Pali kamsampha kamodzi komwe kakugwetsa ngakhale ochenjera. Osindikiza ena monga Springer amaika ISBN mkati mwa DOI, imayamba 10.1007/978 nkumapitirira, ndipo ya chaputala imathera ndi kamzere kapansi ndi nambala ya chaputalacho monga _3. Ana ena akumadula kumapetoko poganiza kuti ndi zinyalala, ena akumachotsa 10.1007 nkusiya ISBN yokha. Mukadula _3 ija mwaloza buku lonse pomwe inu munagwiritsa ntchito chaputala cha munthu mmodzi. Isiyeni yonse momwe ilili.

Zochita ndi zochepa ndipo sizifuna kuti ndizitambasule. Yang'anani patsamba loyamba la nkhaniyo m'mwamba kapena m'munsi, ikopeni osati kuitayipa ndi manja chifukwa 0 ndi O, 1 ndi l zimasokoneza. Ngati siikuoneka lembani mutu wa nkhaniyo pa search.crossref.org. Mukaipeza ikani https://doi.org/ kutsogolo muitsegule muone ngati mutu, olemba ndi chaka zikugwirizana ndi zomwe mwalemba, ikakana ndiye mwadula penapake. Kumapeto kwake musaike kadontho. Malipoti ambiri a boma ndi a mabungwe alibe DOI, amenewo ikani linki ya webusayiti ya eni akewo ndipo musapeke nambala. ISBN isungeni ya pomwe mukupempha a laibulale kuti akugulireni buku, kapena ngati malamulo a dipatimenti yanu kapena a jenolo yomwe mukutumizako anena mwachindunji kuti ilembedwe, ndipo pamenepo kopani ya buku lomwe lili m'manja mwanulo osati yomwe mwaipeza pa intaneti.