Makina akamadumphitsa ulusi, yambani ndi singano

Matelala anzanga a pakhonde kuno ku Dedza, nthawi ya mayunifolomu ikafika makina ambiri amayamba kusoka mosiya mipata. Musafulumire kumasula zam'kati.

Pa makina opalasa akuda aja a Butterfly, mbali yophwatalala ya singano imayang'ana kumanja, mzere wake wautali uli kumanzere, ndipo ulusi umalowa kuchokera kumanzereko. Ikankhireni m'mwamba mpaka igunde musanamange. Ikatsika pang'ono chabe, kambedza ka shatelo kamaphonya ulusi. Chotsaninso singano muigoneke pagalasi. Ikapanda kugona bwino ndiye kuti yapindika, itayeni. Pa kaki kapena jinzi ikani nambala 16 kapena 18, pa chitenje 14 ndi yokwanira.

Zomangomanga tenshoni sizichiza kudumphitsa. Tenshoni imaoneka pa msoko: ulusi ukamaunjikana kunsi kwa nsalu, wam'mwamba ndi umene wakhwefuka. Ubwezeni phazi lili m'mwamba kuti ukhale pakati pa timbale ta tenshoni tija.

Zikakanika, onani taimingi. Tsegulani pansi, zungulitsani gudumu ndi dzanja mpaka singano ifike pansi penipeni. Ikakwera pafupifupi mamilimita 2, nsonga ya kambedza iyenera kukhala itafika pa singano, pamwamba pang'ono pa diso lake, moyandikana kwambiri koma osakhudzana. Ikamadutsa kunsi kwa diso, kawirikawiri chitsulo chogwira singano chinakankhika m'mwamba tsiku lomwe singano inagunda zipi. Masulani sikuluu yake, chitsitseni pang'ono, mumange ndi kuyesa pa kansalu kopinda kawiri.