Mawu a pansi pa chithunzi asiye kukalipira anthu

Mvula itangoyamba chaka chino, zithunzi zolimbikitsa kusamba m'manja zamatidwa pa mijigo, pa zipupa za sukulu ndi m'misika ya m'mbali mwa msewu, kuyambira ku Lizulu kutsikira ku Tsangano. Zithunzi zake n'zooneka bwino, koma mawu olembedwa pansi pake ndi aja akalekale. China chikuonetsa mayi akusintha mwana thewera, ndipo pansi pake pali mawu akuti, "Uve ndi umbuli zimabweretsa kolera. Amayi, sinthani khalidwe!" Inu a makomiti a zaumoyo ndi anzanga alangizi amene mumalemba mawuwa, kodi tidzasiya liti kulemba ngati tikudzudzula ana a sukulu?

Chimene timaiwala n'chakuti mawu a pa chithunzi sawerengedwa chamumtima nthawi zonse. Pa mjigo, agogo amene maso anafooka kapena sanapite patali ndi sukulu amaitana mdzukulu wa sitandade 4 kuti awawerengere. Mwanayo ndiye amakhala pakamwa pathu. Tsono muganize mwana wakula m'mudzi wa Angoni kuno ku Ntcheu, amene sangapatsire mkulu chinthu ndi dzanja limodzi, akuuza agogo ake pagulu kuti ndi auve, ndi mbuli. Sanganene. Amangoti, "Akuti kolera," n'kunyamula ndowa yake. Pepala, utoto ndi mafuta a njinga yamoto imene inabweretsa chithunzicho zathera pa mawu awiri amenewo.

Ndipo ngakhale mwanayo atalimba mtima n'kuwerenga zonse, agogowo atolapo chiyani? "Sinthani khalidwe" sakunena chochita. Mayi wa pa mjigoyo amasamba kale m'manja, amasesa pabwalo, amatsuka mbale. Kwa iye wauve ndi wina, osati iyeyo, ndiye uthengawo umamudutsa. Chimene mwina sakudziwa n'chakuti chimbudzi cha khanda nachonso chimanyamula tizilombo. Ambiri amachiyesa chosaopsa poti mwanayo amangoyamwa, ndipo akamupukuta amangotsukuluza zala, kapena kupukutira pa chitenje, n'kubwerera kukaomola nsima. Kolera amadutsa pomwepo, kuchoka m'chimbudzi kupita pakamwa kudzera m'manja, m'madzi ndi m'chakudya, ndipo munthu akhoza kufalitsa tizilomboto iye asakudwala. Chithunzi chija chinali ndi mwayi wonena zimenezi, koma malo onse tinawathera pa kunyoza.

Mlimi wina wa kachewere wa cha ku Bembeke anafotokoza pa msonkhano wa m'mudzi kuti chithunzi chotere chitamatidwa pa mjigo wawo, mkazi wake anayamba kukatunga madzi kudambo. Chitenje cha mayi wa pa chithunzicho chinafanana ndi chake, ndipo anzake anayamba kumuseka kuti ajambula iyeyo. Bamboyo anakang'amba pepalalo usiku, ndipo ananena poyera kuti alipira ngati pali cholipira, koma mkazi wake asamwe madzi a padambo chifukwa cha pepala. Panalibe amene anamutsutsa. Chithunzi choteteza ku kolera chinachotsa banja lonse pa madzi abwino kwa masiku angapo, m'nyengo ya mvula yomwe. Tonse tikukumbukira mliri umene unayamba mu 2022 n'kupitirira mu 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Masiku angapo a madzi a padambo si nkhani yaing'ono.

Tiyeni tichikonze chithunzi chomwecho. Choyamba tichotse "uve" ndi "umbuli", osawalowetsa m'malo ndi mawu ena ofanana nawo monga "kusasamala". Tichotsenso "amayi" wolozera chala uja, chifukwa abambo, azakhali ndi atsikana olera ana nawonso amasintha matewera. Kenako mzere woyamba unene nthawi ndi chochita: "Mukasintha mwana thewera, sambani m'manja ndi sopo pa madzi othira." Mzere wachiwiri upereke chifukwa chimodzi chokha: "Chimbudzi cha khanda nachonso chingafalitse kolera." Mawu onse ndi 16. Mdzukulu akhoza kuwawerengera agogo ake osagwetsa nkhope, ndipo agogowo akhoza kukawabwereza kwa mpongozi wawo.

Taonani mawu oti "pa madzi othira". Amenewa ndiwo amasiyidwa kawirikawiri, chonsecho ndiwo mutu wa nkhani. Mukangolemba kuti "sambani m'manja musanadye", anthu a pa maliro kapena pa chinkhoswe adzati timatero kale, chifukwa beseni limazungulira kuyambira kwa akulu mpaka kwa ana. Womaliza amasamba m'litsiro la anthu khumi. Ngati chithunzi chikuonetsa jagi, lembani kuti wina akuthirireni madzi ndipo othiridwawo atayidwe. Ngati chikuonetsa mpondagiya, tchulani mpondagiya, poti ndi dzina limene anthu amalidziwa. Mawu asanene za mpopi pamene mudziwo ulibe mpopi.

Pali tina timene timaoneka tating'ono. Musalembe "samba" kapena "usadye", ngakhale malo achepe bwanji. Pepala la pa msika likulankhula ndi mfumu, ndi apongozi, ndi abusa, ndiye likhale "sambani", kapena "tisambe" ngati mukufuna kudziwerengera nanu. Musadule "m'manja" pofuna kufupikitsa, makamaka mzere ukamanena za amayi. Aliyense akudziwa tanthauzo lina la "kusamba" kwa munthu wamkazi, ndipo anyamata a pa msika sachedwa kulitola. Liwu loti "chimbudzi" nalonso limatanthauza kanyumba komanso zimene munthu wachita, choncho mzere wake uonetse lomwe mukunena: "mukachoka kuchimbudzi" ndi kanyumba, "chimbudzi cha khanda" ndi zinazo. Liwu lina lija lolunjika, ngakhale lili lomveka, mwana sangalitchule pamaso pa akulu, ndiye lisiyeni.

Chizolowezi chomwechi chalowanso pa zithunzi za katemera. "Makolo osasamala sabayitsa ana" amabweza mayi amene anaphonya mwezi umodzi chifukwa mtsinje unadzaza, poti akuopa kukakalipiridwa kusikelo. Lembani kuti, "Mwana akakwanitsa miyezi 9, bwerani naye adzalandire katemera wa chikuku. Wachiwiri ndi pa miyezi 15. Ngati munaphonya, bweranibe ndi buku la mwana." Liwu loti "bweranibe" limagwira ntchito imene chidzudzulo chonse chija chimalephera.

Za kalembedwe kenikeni mukuzidziwa. Chithunzi chimodzi chikhale ndi uthenga umodzi, osaunjika sopo, kolorini ndi Thanzi pamodzi. Manambala alembedwe monga alili pa paketi kapena pa botolo: paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi abwino, ndipo madzi othira kolorini adikire mphindi 30 asanamwedwe. Zilembo zikhale zowerengeka munthu ataima pa mzere wa ndowa. Munthu wodziwika m'deralo musamujambule popanda chilolezo chake, ndipo mumuuze mawu amene adzakhale pansi pa nkhope yake. Musanasindikize, tengani pepalalo mupatse mwana wa pulayimale awerengere anthu akuluakulu asanu, mmodzimmodzi, kenako mufunse aliyense kuti pepalalo likumuuza kuti achite chiyani, nthawi yanji. Mwana akadodoma pa liwu lina, kapena awiri mwa asanuwo akayankha zosiyana, bwererani nalo mukalembenso.