Momwe Mungadulire Mawu a Makasitomala Oika pa Webusayiti Popanda Kuwanamizira

Pa mawebusayiti ambiri a bizinesi pamakhala kabokosi kamene kamaonetsa mawu a kasitomala mmodzi, pakapita timasekondi n'kubwera a wina. Okonza mawebusayiti amakatchula kuti kaluselo. Vuto lake ndi malo. Pa foni kabokosika kamakwana mawu pafupifupi 20 kapena 30 kuti munthu awerenge bwino asanasinthe, pamene kasitomala wokhutira amakulemberani ndime yathunthu. Ndiye kudula n'kosapeweka, ndipo bodza limalowera pomwepo ngakhale inu musakufuna kunama.

Yambani ndi kusunga uthengawo mmene unabwerera. Kaya ndi imelo, uthenga wa pa WhatsApp kapena ndemanga ya pa Google, jambulani chithunzi chake chooneka tsiku ndi dzina, muike mu foda yakeyake. Ngati ndi uthenga wa mawu, ulembeni wonse liwu ndi liwu. Kudula kuchitike pa kope lina. Zosankha uthenga woyenera sindichedwa nazo: tengani umene ukutchula chinthu chenicheni chimene chinachitika, chifukwa "ntchito yabwino, pitirizani" sauza wowerenga kanthu.

Apa ndinenepo za anthu amene amadzakulonjezani ndemanga zambirimbiri zokonzeratu pa mtengo wozizira, ena mpaka ndi zithunzi za nkhope. Akaneni. Zithunzizo nthawi zambiri amazitenga pa intaneti, ndipo aliyense akhoza kufufuza chithunzi n'kupeza nkhope yomweyo ikuyamikira mabizinesi ena osiyanasiyana. Maiko ena afika pokhwimitsa malamulo. Ku America, bungwe la boma loteteza ogula la FTC linakhazikitsa lamulo mu 2024 loletsa kugula ndi kugulitsa ndemanga zabodza, ndipo ophwanya akhoza kulipitsidwa chindapusa. Palinso okonza mawebusayiti ena amene amasiya mayina ndi mawu ongoyerekeza amene anabwera ndi chikombole cha webusayiti, n'kukupatsani ntchito ngati yatha. Musanamalize kuwalipira, werengani kabokosiko nokha.

Tsopano kudula. Tiyerekeze kuti mumagulitsa katundu ndi kutumizira anthu, ndipo kasitomala walemba motere:

"Moni. Katundu wanga woyamba anachedwa ndi masiku anayi ndipo ndinakhumudwa kwambiri. Koma nditadandaula munandiimbira tsiku lomwelo, munandibwezera ndalama yotumizira, ndipo kuyambira pamenepo maoda anga atatu afika pa nthawi yake. Mitengo yanu ndi yokwererapo kusiyana ndi ena koma ndipitiriza kugula kwa inu."

Dzanja limathamangira kudula chonchi: "Maoda anga afika pa nthawi yake. Ndipitiriza kugula kwa inu." Liwu lililonse pamenepa ndi la kasitomala, palibe limene mwaonjezera. Komabe ndi bodza. Mwachotsa "kuyambira pamenepo" ndi "atatu", ndiye wowerenga akumva kuti katundu wa munthuyu sanachedwepo, pamene iye wanena poyera kuti woyamba anachedwa. Kudula kwa mtundu umenewu n'kumene kunandipweteketsa pa ntchito ina. Kasitomala anaona mawu ake ali pa webusayiti, anaimba atakwiya kuti anzake amene anawadandaulira za kuchedwako azimuona ngati wabodza, ndipo anatiuza kuti tichotse dzina lake tsiku lomwelo. Sanalakwitse. Dzina limene linali pansi pa mawuwo linali lake, ndipo manyazi ake anagwera iye.

Chimene ndinaphunzira n'chakuti timawu toopsa kuchotsa ndi tating'ono kwambiri: "koma", "poyamba", "nthawi zina", "kwa ine", "mpaka pano", "kuyambira pamenepo", komanso manambala. Timaoneka ngati tongodzaza malo, chonsecho ndi tomwe tanyamula malire a zimene munthu akuchitira umboni. Wina akalemba kuti "mpaka pano makinawa sanavutepo" ndipo wawagwiritsa ntchito milungu iwiri yokha, inu n'kusiya "makinawa sanavutepo", mwamulankhulitsa zimene sakuzidziwa.

Kudula koyenera kwa uthenga uja kungakhale kotere:

"Katundu wanga woyamba anachedwa … Koma nditadandaula munandiimbira tsiku lomwelo … ndipo kuyambira pamenepo maoda anga atatu afika pa nthawi yake."

Mawuwa ndi osakwana 25 ndipo akukwana bwino m'kabokosi. Moni wachoka, masiku anayi ndi kukhumudwa zachoka, koma mfundo yoti panali vuto ilipobe. Timadontho titatu tikusonyeza pamene pachotsedwa mawu. Za kubweza ndalama ndazichotsa dala, chifukwa ngati si lamulo la bizinesi yanu kubwezera aliyense, wowerenga angazitenge ngati lonjezo. Za mitengo ndi nkhani ina payokha, ndiye mukhoza kusiya chiganizo chonsecho. Chimene simuyenera kuchita ndi kutengako theka lake lokoma n'kulimata kwina. Ine ndimaona kuti mawu otchula vuto ndi mmene linathetsedwera amakhulupirika kuposa oyamikira okhaokha, poti aliyense wogula amadziwa kuti zinthu zimalakwika ndipo akufuna kudziwa zimene mumachita zikatero.

Pali zinthu zimene mungakonze ndi mtima umodzi: chilembo chimene chasowa, mpumiro, chilembo chachikulu poyambira chiganizo. Ngati pakufunika liwu lofotokozera, monga pamene kasitomala walemba kuti "anandithandiza" osatchula ndani, ikani liwu lanulo m'mabulaketi a makona, chonchi: "[Amakaniko] anandithandiza". Musasinthe ndondomeko ya ziganizo, musalumikize mawu a mauthenga awiri a masiku osiyana kukhala amodzi, ndipo musakweze liwu, "zabwino" kukhala "zapamwamba". Musamakonzenso kalankhulidwe ka munthu mpaka kumveka ngati kanu. Mawu onse a m'kabokosi akamamveka ngati olembedwa ndi munthu mmodzi, owerenga amakayikira onse. Ngati mwamasulira kuchokera m'chinenero china, lembani pansi pake kuti ndi omasuliridwa.

Njira yodziyesera ndi yosavuta. Patsani mnzanu mawu odulidwawo okha, mumufunse zimene wamva kuti zinachitika. Kenako mumuonetse uthenga wonse. Akadabwa ndi kanthu kalikonse, mwadula molakwika ndipo bwererani.

Mukamaliza kudula m'pamene mumapempha chilolezo, osati musanadule. Ambiri amafunsa koyambirira kuti "tingagwiritse ntchito mawu anu?", munthu n'kuvomera, kenako iwo n'kukadula mmene akufunira. Chilolezo chotere n'chopanda mphamvu chifukwa munthuyo wavomera zimene analemba, zimene mwatulutsa sanazione. Mutumizireni mawu enieni amene adzaoneke. Uthenga wake ukhoza kukhala wotere:

"Zikomo chifukwa cha uthenga wanu. Tikupempha kuti tiike mawu anu pa tsamba loyamba la webusayiti yathu. Tawafupikitsa, ndipo adzaoneka motere: [mawu]. Pansi pake tikufuna kulemba dzina lanu loyamba ndi chilembo choyamba cha dzina la bambo, popanda chithunzi. Ngati pali posintha tiuzeni. Mukavomera, yankhani kuti mwavomera. Tsiku lililonse mukafuna kuti tichotse, tidziwitseni ndipo tidzachotsa."

Uthengawu ukutchula mawu, malo amene adzaikidwe, mmene dzina lidzalembedwere, ndi njira yobwezera chilolezo. Chilichonse mwa izi n'chofunika pachokha. Munthu amene walola webusayiti sanalole chikwangwani cha mumsewu kapena malonda olipira a pa Facebook, ndiye mukafuna zimenezo funsaninso. Chithunzi chimafuna chilolezo chakechake, ndipo musatenge cha pa WhatsApp chifukwa choti mukuchiona. Mukafuna kulemba udindo wake ndi dzina la kampani imene amagwirako, dziwani kuti iye sangakhale ndi mphamvu yolola dzina la kampaniyo kapena chizindikiro chake, choncho afunse kaye mabwana ake.

Kukhala chete si kuvomera. Akapanda kuyankha, mukumbutseni kamodzi, akapitiriza kukhala chete musiyeni. "Eya" wa pakamwa kapena pa foni mumutsatire ndi uthenga wolemba, yankho lake mulisunge mu foda muja pamodzi ndi uthenga woyamba. Ndemanga imene munthu analemba yekha poyera pa Google nayonso ndimaipemphera chilolezo, chifukwa kulemba pamalo a ndemanga n'kosiyana ndi kuikidwa dzina pa malonda a munthu wina. Ngati muli ndi makasitomala a ku Ulaya, lamulo lakumeneko loteteza mbiri ya munthu la GDPR, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018, limati munthu akhoza kubweza chilolezo chake nthawi iliyonse ndipo kubwezako kusakhale kovuta kuposa kupereka. Maiko ambiri ali ndi malamulo awo oteteza mbiri ya munthu, choncho onani a kumene bizinesi yanu ili. Samalani kwambiri ngati ntchito yanu ikukhudza matenda, ngongole kapena milandu, poti dzina lokha pa webusayiti yanu likuulula kale kuti munthuyo anali ndi vuto limenelo.

Kasitomala akasintha mawu ake poyankha, tengani osinthidwawo. Akati "lembani zilizonse mukufuna", musavomere njira yachiduleyi. Mufunseni mafunso awiri kapena atatu, mulembe mayankho ake, mumutumizire aone. Ngati munamupatsa mphatso kapena kumuchotsera mtengo kuti alembe, zilembeni pansi pa mawuwo. Chimodzimodzi ngati ndi wachibale kapena wantchito wanu.

Zotsalazi ndi za wokonza webusayiti. Kadi iliyonse ya m'kabokosi ikhale ndi mawu a munthu mmodzi, dzina, ndi mwezi ndi chaka:

```html
<figure>
  <blockquote>…</blockquote>
  <figcaption>…</figcaption>
</figure>
```

Muuzeni kuti kabokosi kasamadule mawu pakokha akatalika, chifukwa makina akadula pa "Katundu wanga woyamba anachedwa", kapena n'kubisa "koma" wa kumapeto, ntchito yanu yonse yaonongeka. Onani pa foni, osati pa kompyuta pokha. Malangizo a WCAG, othandiza kuti olumala azigwiritsa ntchito mawebusayiti mosavuta, amati chinthu choyenda chokha kupitirira masekondi 5 chikhale ndi batani loimitsira, ndiye liikeni. Musaike nyenyezi zisanu pa kadi ngati kasitomala sanapereke nyenyezi. Chaka chilichonse bwererani m'kabokosi muchotse mawu otamanda katundu amene munasiya kugulitsa, mtengo umene unasintha, kapena wantchito amene anachoka.