Momwe mungalowezere ndondomeko ya ABCDE kuti isathawe m'mutu pa nthawi ya ngozi

Ophunzira ambiri a ukilinikolo ofesa ndi a ntchito ya m'maambulansi amatchula zilembo za ABCDE, ndondomeko younikira wovulala kapena wodwala mwakayakaya, mosadodoma ali m'kalasi, koma akaima pambali pa wovulala amene akukuwa, maso awo amathamangira pa mwendo wothyoka ndipo ndondomeko yonse imabalalika. Zimatero chifukwa analoweza mndandanda wa mawu, pomwe chofunika kuloweza ndi zochita.

Yambani ndi kulemba pa kakhadi kamodzi zinthu zitatu pa chilembo chilichonse: funso limene mukufunsa, chizindikiro choopsa, ndi chimene manja anu achite mukachipeza. Pa A mukufunsa ngati njira ya mpweya ndi yotseguka, uku mukuteteza khosi. Mukamva mkonono kapena kuphwephwetera kukhosi, mumakankhira chibwano kutsogolo ndi kuyamwa magazi kapena masanzi ndi chipangizo. Pa B mukuona kapumidwe, pa C kayendedwe ka magazi, pa D kutsitsimuka, mboni za m'maso ndi shuga, ndipo pa E mumavula wodwala n'kumuyang'ana thupi lonse ndi kumsana komwe, kenaka n'kumufunditsa kuti asazizidwe. Pamwamba penipeni pa khadilo lembani magazi otuluka mothamanga, chifukwa amenewa amaletsedwa musanafike pa A, pofinya pabala kapena pomanga lamba chakumtunda kwa balalo ndi kulemba nthawi imene mwamanga.

Mukatero, ikani khadilo m'thumba ndipo yesererani pa chidole kapena pa mnzanu wogona pansi, mukuyenda kuchokera kumutu ndi kulankhula mokweza chilichonse chimene mukuchita. Kuwerenga khadi mobwerezabwereza kumanyenga, popeza mawuwo amaoneka odziwika ngakhale simungathe kuwatulutsa nokha. Muzilitsegula pokhapokha mutamaliza, kuti muone chimene mwadumpha.

Gawo limene ndimaliona kukhala lofunika koposa ndi loti mnzanuyo azikupatsani nkhani ya wodwala amene akusinthasintha. Anene kuti bambo wa zaka 30 wagundidwa ndi galimoto, akulankhula movutikira, ndipo ntchafu yake yapindika. Poti akulankhula, njira ya mpweya ndi yotseguka pakadali pano, choncho mumagwira khosi n'kupita pa B. Apa mnzanu akuuzeni kuti akupuma ka 34 pa mphindi, okosijeni m'magazi ali pa 86 peresenti, kumanzere kwa chifuwa sikukumveka mpweya, kukulira ngati ng'oma mukagogoda, ndipo magazi akuthamanga pa 85/50. Wophunzira amene analoweza zilembo zokha amanena kuti wazindikira vutolo n'kupitirira kukaika diripi. Pamenepo mnzanu amuimitse, chifukwa uwu ndi mpweya wotsekeredwa m'chifuwa umene ukupanikiza phapo ndi mtima, ndipo uyenera kutulutsidwa ndi singano nthawi yomweyo, pamalo amene ndondomeko ya sukulu yanu imaphunzitsa, okosijeni ataikidwa kale. Lamulo lake ndi lakuti simuchoka pa chilembo musanakonze chimene chikupha wodwala pa chilembocho. Mukafika pa D, mnzanu anene mwadzidzidzi kuti wodwala wasiya kuyankha ndipo wayamba mkonono. Choyenera kuchita ndi kubwerera pa A, ndipo kubwerera kumeneku kuyesereredwe mpaka kuzichitika popanda kuganiza.

Manambala a kutsitsimutsa munthu wamkulu amene mtima wake waima ndi ochepa, ndipo amakhazikika bwino mukamawatchula manja ali pachifuwa cha chidole. Musapitirire masekondi 10 pofufuza kupuma ndi kugunda kwa mtsempha. Kanikizani chifuwa ka 30 n'kupereka mpweya kawiri, pa liwiro la 100 mpaka 120 pa mphindi, kuzama kwa masentimita 5 mpaka 6, ndi kulola chifuwa kubwerera chonse. Sinthanani pa mphindi 2 zilizonse, chifukwa wokanikiza akatopa amayamba kukanikiza mosazama iye osazindikira. Adirenalini ndi miligalamu imodzi pa mphindi 3 mpaka 5 zilizonse. Manambala a ana alembedwe pa khadi lina ndi kuphunziridwa tsiku lina, kuti asasakanikirane ndi a akuluakulu.

Luso limeneli limayamba kuzilala pakangopita miyezi yowerengeka osaligwiritsa ntchito, choncho kuyeserera kwa mphindi 15 kangapo pa sabata kumaposa kuchezera usiku wonse mayeso atayandikira. Bwerezani nkhani yomweyo mawa lake, kenaka pakatha masiku atatu, kenakanso pakatha sabata, mnzanu akusintha chovulala ndi nthawi imene wodwala akufooka. Ngati mwaima kakasi pa chilembo china, kapena mwadumpha shuga pa D kapena kumsana pa E, yambirani pamwamba, ndipo tsiku lotsatira mnzanu abise vuto lalikulu pa chilembo chomwecho.